Phiri lokha silipanga katswiri wothamanga

A Mkonzi,

Nthawi zonse Mkenya kapena Mwitiyopiya akapambana malathoni, mawu amene timamva m'makombi ndi m'mabwalo a masewera kuno ku Harare ndi amodzimodzi: "Amenewo ndi akumapiri, anabadwa choncho." Ife amene timaphunzitsa achinyamata kuthamanga mitunda italiitali mawuwa amatipweteka, chifukwa amachititsa makolo, masukulu ndi eni makampani kupinda manja ngati nkhani inatha kalekale. Tiloleni tifotokoze zimene malo okwera amachitadi m'thupi, kukula kwake kwa phindulo, ndi zimene zimatsala phiri likachita mbali yake.

Zoti malo otchukawa ndi okwera n'zoona. Iten ndi Kaptagat ku Kenya ali pa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere, Eldoret pa 2,100, ndipo Bekoji ku Ethiopia ali pafupifupi pa 2,800. Kumeneko okosijeni akadali 21 peresenti ya mpweya monga kulikonse, koma mpweyawo ndi wopepuka, moti pa mamita 2,400 munthu akapuma kamodzi amalowetsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a okosijeni amene akanalowetsa ali ku Beira. Impso zikazindikira kuperewerako zimatulutsa homoni yotchedwa EPO, imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira ambiri. Maselo ofiira akachuluka, himogulobini wonyamula okosijeni kupita ku minofu amachulukanso.

Tsono funso loyenera n'lakuti, phindu limeneli ndi lalikulu bwanji? Kwa munthu wochokera kumalo otsika amene wakagona pamwamba pa mamita 2,000, himogulobini yense wa m'thupi amakwera pafupifupi 1 peresenti pa maola 100 aliwonse, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi amakhala atakwera 3 mpaka 5 peresenti. Pa liwiro, zimenezi zimabweretsa 1 kapena 2 peresenti basi, ndipo si aliyense amene amapindula. Kafukufuku wodziwika wa Levine ndi Stray-Gundersen wa mu 1997 anapeza kuti amene anapinduladi pa mpikisano wothamanga mamita 5,000 ndi omwe ankagona pa mamita 2,500 koma n'kumatsikira pa 1,250 kukachita masewera a liwiro, ndipo anadula masekondi pafupifupi 13. Amene ankagona ndi kuthamanga komweko pamwamba magazi awo anachuluka, koma nthawi yawo sinasinthe kwenikweni, chifukwa m'mpweya wopepuka miyendo imalephera kufika pa liwiro la mpikisano.

Tiyeni tiike zimenezi pa mwana wathu. Titenge mnyamata wa ku Mufakose kapena ku Mabvuku amene amathamanga makilomita 10 m'mphindi 30. Mphindi 30 ndi masekondi 1,800, ndiye 2 peresenti yake ndi masekondi 36. Zonse zitayenda bwino, phiri lingamufikitse pa 29:24. Mbiri ya dziko lonse pa mamita 10,000, imene Joshua Cheptegei wa ku Uganda anaika ku Valencia mu 2020, ndi 26:11. Pakati pa mnyamata wathu ndi Cheptegei pali mphindi zitatu ndi masekondi 49, ndipo phiri lachotsapo theka la mphindi lokha. Komanso mnyamatayu sakuchokera kunyanja ayi. Harare ali kale pa mamita pafupifupi 1,500, choncho kukagona ku Troutbeck ku Nyanga, komwe ndi cha m'ma 2,000, ndi kukwera pang'ono chabe, ndipo phindu lake lingachepe kuposa pamenepa. Phiri likanakhala kuti ndilo yankho, bwenzi La Paz ku Bolivia, mzinda wa pa mamita 3,600, ukudzaza dziko ndi akatswiri a malathoni.

Ndipo ngakhale kaphindu kochepako kamatayika mosavuta. Cholakwika choyamba ndi kupita kumapiri thupi lilibe ayironi. EPO ingakwere bwanji, popanda ayironi maselo ofiira sapangika. Wothamanga ayenera kuyezetsa feritini, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, patatsala masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti anyamuke, ndipo akapezeka pansi pa 30 kapena 35, ayambe wakonza zimenezo mothandizidwa ndi dokotala. Kwathu kuno zimene zimadya ayironi mwakachetechete ndi likodzo, njoka za m'mimba, malungo, ndiponso kwa atsikana kusamba kochuluka. Tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsanso thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi bonongwe, choncho ndi bwino kumusiyanitsa ndi nsima ndi ola limodzi. Cholakwika chachiwiri ndi phuma. Sabata yoyamba ndi yothamanga mofatsa, mtunda wochepetsedwa, madzi ambiri. Wothamanga amene wakakamira liwiro la ku Harare tsiku lachiwiri mumamuzindikira msanga: kugunda kwa mtima kwa m'mawa asanadzuke kumakhala kokwera ndi 8 kapena 10 pa mphindi ndipo sikutsika, tulo timasowa, chakudya sachifuna, sikelo imatsika. Wotereyu amabwerako wofooka kuposa mmene anapitira. Cholakwika chachitatu ndi kampu ya masiku khumi, imene imatha thupi litangoyamba kumene kusintha.

Nanga mphindi zitatu zotsalazo zili kuti? Ofufuza a gulu la Bengt Saltin atayerekeza Akenya ndi othamanga a ku Scandinavia m'zaka za m'ma 1990, sanapeze kusiyana kwakukulu pa kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito likafika pamapeto. Chimene anapeza n'chakuti Akenya amawononga mphamvu yochepa pa liwiro lomwelo, ndipo matupi opepuka ndi akatumba owonda a m'munsi mwa bondo amathandizapo. Sitikukana zimenezi. Koma ana opepuka a miyendo yowonda, oyenda mtunda kupita kusukulu, aliponso ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nyanga. Chimene kulibe ndi sabata ya ku Iten.

Sabata imeneyi ndi yosavuta kuifotokoza. Kusanache, cha m'ma 6 koloko, magulu amakhala ali kale pa misewu ya dothi lofiira. Lachiwiri ndi tsiku la bwalo, monga kuthamanga mamita 1,000 maulendo khumi kapena kuposa, ndi kupuma pang'ono pakati. Lachinayi m'mawa kuli fatileki yotchuka ija, pomwe anthu oposa zana amanyamukira pamodzi: mphindi imodzi mwaliwiro, mphindi imodzi mofatsa, mpaka ka 25, kapena mphindi ziwiri mwaliwiro ndi imodzi mofatsa. Kumapeto kwa sabata kuli mtunda wautali wa makilomita 30 kapena kuposa. Masiku ena onse ndi ofatsa, ndipo apa ndi pamene ambiri mwa ana athu amaphonya. Katswiri amene pa mpikisano amadula kilomita m'mphindi zitatu sachita manyazi kuyamba kuthamanga kwa madzulo pa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa kilomita. Ana athu amathamanga tsiku lililonse pa liwiro lapakatikati, lotopetsa koma losamanga kanthu, kenaka n'kuvulala m'miyendo chifukwa cha phula. Eliud Kipchoge, pansi pa kochi wake Patrick Sang ku Kaptagat, amafika makilomita 200 kapena kuposerapo pa sabata pokonzekera malathoni, koma gawo lalikulu la mtundawo ndi lofatsa, ndipo pakati pa kuthamanga kwa m'mawa ndi kwa madzulo ntchito yake ndi kudya ndi kugona.

Ubwino wa gulu ndi wakuti mnyamata wosadziwika amaima pambali pa munthu amene wapambana ku Berlin kapena ku Boston. Akakwanitsa kukhala naye mpaka ulendo wa 18 wa fatileki, amadziwa pomwe ali, ndipo makochi ndi maejenti amene aima m'mbali mwa msewu amamuonanso. Wathu wa ku Mufakose uja akapambana anzake onse a m'dera lake ndi mphindi yathunthu, palibe womukoka, ndipo amakhala pa mphindi 30 zaka zitatu.

Mwambo umenewu unachita kumangidwa ndi anthu. Abebe Bikila anapambana malathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, ali msilikali wolondera mfumu. Kipchoge Keino, wapolisi, anatenga golide pa mamita 1,500 ku Mexico City mu 1968. Brother Colm O'Connell anafika pa sukulu ya St Patrick's ku Iten mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, n'kukhala kochi wa mibadwo ya akatswiri mpaka David Rudisha. Ku Bekoji, mphunzitsi mmodzi, Sentayehu Eshetu, ndiye anayambitsa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba. Phiri la ku Bekoji linalipo zaka zikwizikwi iye asanabwere, ndipo silinapatse munthu mendulo.

Taonaninso ntchito za anthu awiri oyambawo: msilikali ndi wapolisi. Kuthamanga makilomita 160 kapena 200 pa sabata kumafuna munthu amene ali ndi chakudya chokwanira, nsapato zatsopano pakatha makilomita 600 mpaka 800, ndi nthawi yogona masana. Wogulitsa pa Mbare Musika kuyambira m'bandakucha sangazikwanitse, ngakhale akhale ndi mphatso yotani. Ku Kenya asilikali, apolisi ndi a ndende amalemba ntchito othamanga n'kuwamasula kuti azikakhala kukampu. Ku Ethiopia makalabu a asilikali, apolisi, banki ndi kampani ya magetsi amalipira malipiro a pamwezi. Pamwamba pa izi pali maejenti otumiza anthu ku mipikisano ya ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, komwe mphotho imodzi imagula munda ndi ng'ombe. Mwana wa m'mudzi akaona nyumba ya malata imene mnansi wamanga ndi miyendo yake, safunikanso womulimbikitsa, ndipo anthu zikwi akayesa, khumi odabwitsa sangalephere kutulukapo. Ndalama zomwezi zabweretsanso chinyengo: Jemima Sumgong, amene anapambana malathoni ya Olimpiki mu 2016, analetsedwa atapezeka ndi EPO yobaya mu 2017, ndipo Akenya ambiri alangidwa pambuyo pake. Ichi tisachitengere.

Umboni woti nthaka yathu si yoperewera ulipo. Tendai Chimusasa anamaliza wa nambala 9 pa malathoni ya Olimpiki ku Sydney mu 2000, Cuthbert Nyasango wa nambala 7 ku London mu 2012, Stephen Muzhingi anapambana Comrades, mpikisano wa mtunda wautali kwambiri wa ku South Africa, katatu motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2011, ndipo Isaac Mpofu anathamanga 2:06:48 ku Valencia mu 2022. Koma awa amabwera mmodzimmodzi, patapita zaka. Ambiri a ife a Chichewa tinakulira m'makomboni a migodi ndi m'mafamu, ndipo akuluakulu akukumbukira mmene masewera a Chamber of Mines ankaperekera ntchito, bwalo ndi mpikisano kwa wothamanga. Migodi itafooka, njira imeneyo inachepa.

Pempho lathu kwa a bungwe la NAAZ loyendetsa masewera othamanga muno mu Zimbabwe, masukulu ndi eni makampani ndi ili. Ndalama zochepa zimene zilipo zisathere pa kampu ya masiku khumi ku Nyanga. Ziyambe zakhazikitsa tsiku limodzi pa sabata, malo amodzi a msewu wa dothi kunja kwa mzinda, pomwe othamanga a makalabu onse, apolisi, asilikali, a ndende ndi ana a sukulu, azichitira fatileki pamodzi chaka chonse. Achinyamata khumi kapena makumi awiri oonekera pa gululo ayezedwe magazi kawiri pa chaka, apatsidwe chakudya, nsapato ndi ntchito ya theka la tsiku. Amene afika pansi pa mphindi 29 pa makilomita 10 ndi amene atumizidwe ku Nyanga, masabata anayi athunthu, ndipo masewera a liwiro azikachitira kumunsi.

Ndife,
Makochi a masewera othamanga,
Harare