Lipoti la Msonkhano wa Ojambula Makanda: Kuchepetsa Mawanga Popanda Kuwononga Khungu

Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ojambula zithunzi, zikomo pondituma ku msonkhano uja. Zokambidwa zinali zambiri, monga kagonekedwe ka khanda ndi kuwala kwa m'chipinda, koma ndikhazikika pa phunziro limodzi lomwe likukhudza dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa makolo, lakuti mwana wawo pachithunzi akuoneka ngati chidole cha pulasitiki.

Amene anatsogolera phunziroli ndi mayi amene ntchito yawo ndi kujambula makanda basi. Mfundo yawo inali yakuti mawanga ambiri a khanda ndi vuto la mtundu wa khungu, osati la kukhakhala kwake. Khungu la mwana wongobadwa kumene ndi lopyapyala ndipo magazi sanayambe kuyenda mofanana thupi lonse. N'chifukwa chake masaya amafiira mwa apa ndi apo, pomwe manja ndi mapazi amaoneka obiriwira kapena apepo. Ife tikaona zimenezi timathamangira kusalaza, ndiye timafafaniza tiubweya, timizere ndi timakwinya, pomwe kufiirako kumangofalikira osachoka.

Anatisonyeza njira yoyezera musanakhudze kalikonse. Mu Photoshop ikani leya yatsopano pamwamba pa chithunzi, muidzaze ndi `50% Gray`, kenako musinthe kasakanizidwe kake kukhala `Color`. Chithunzi chimasanduka chopanda mitundu. Banga lililonse limene lazimiririka linali la mtundu wokha, ndipo silifuna kusalazidwa ngakhale pang'ono. Limene latsala ndilo la mdima ndi kuwala, kapena ndi kanthu kotuluka pakhungu.

Tinagwirira limodzi chithunzi cha mwana wa masiku 9, atagona chammbali. Tsaya lake linali ndi mawanga ofiira, pamphuno panali tiziphuphu toyera, pa akakolo khungu linkafunduka, ndipo zala zakumapazi zinali zapepo. Titayeza ndi leya yotuwa ija, pafupifupi mawanga onse a patsaya anasowa. Zotsala zinali tiziphuphu, zofunduka, ndi kamdima kamodzi pafupi ndi khutu.

Tinayamba ndi tsaya. Tinatsegula `Hue/Saturation`, n'kusankha `Reds` m'malo mwa `Master`. Kenako tinakankhira `Hue` kumapeto kwenikweni kuti malo amene asankhidwa asinthe mtundu moonekeratu. Poyamba nkhope yonse inasintha, chifukwa khungu lonse lili ndi kufiira. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni: pansi pa bokosilo pali timizere tiwiri ta mitundu tokhala ndi tizogwirira, ndipo mumatisuntha pang'onopang'ono mpaka mawanga okha ndiwo atsale osintha mtundu, khungu labwinolo litabwerera mwakale. Zitatero tinabweza `Hue` pa 0, n'kuikweza pang'ono kufika +7, kutanthauza kuti kufiirako kwatsamira ku chikasu monga khungu loyandikana nalo. `Saturation` tinaitsitsa kufika -6, `Lightness` n'kuikweza kufika +4. Manambalawa ndi a chithunzi chimenecho chokha, koma muone kuchepa kwake. Mukapezeka mwafika pa +20, ndiye kuti simunasankhe bwino malo, bwererani ku tizogwirira tija.

Leya imeneyi sitinaisiye kuti igwire chithunzi chonse. Tinadetsa masiki yake ndi `Ctrl+I`, n'kupaka ndi burashi yoyera yofewa, `Flow` ili pa 10%, pamawanga pokha. Milomo, zikope, nsonga ya mphuno ndi m'kati mwa khutu tinazisiya dala. Mwana wamoyo amafiira m'malo amenewa, ndipo mukawazimitsa amaoneka wodwala ngakhale khungu lake litakhala bwino chotani. Mapazi anapatsidwa leya yawoyawo, yosankha `Magentas`, chifukwa mankhwala a tsaya sagwira pa mtundu wapepo. Ndipo sitinawafananize ndi nkhope kotheratu, tinangowachepetsa kuzizira.

Tiziphuphu ndi zofunduka tinazichotsa chimodzichimodzi pa leya yopanda kanthu, ndi `Healing Brush` yokula pang'ono chabe kuposa kanthuko, `Sample` ili pa `Current & Below`, potenga khungu la pafupi pomwepo. Burashi ikakula imasiya tizigamba tosalala toonekera patali. Pa akakolo tinachotsa zikuluzikulu zimene zinkakopa maso, tating'ono tinatisiya.

Kamdima ka pakhutu kaja ndi komwe kanafuna njira yogawa chithunzi pawiri, leya yapansi ya mtundu ndi kuwala, leya yapamwamba ya tinthu ting'onoting'ono ta pakhungu. Maleya onse awiri amayamba ngati makope a chithunzicho. Yapansi mumaiika `Gaussian Blur`, yapamwamba mumaipanga ndi `Apply Image` potenga kuchokera ku yapansiyo, motere:

```
8-bit:  Subtract, Scale 2, Offset 128
16-bit: Add, Invert, Scale 2, Offset 0
```

Kenako yapamwambayo muiike pa `Linear Light`. Ngati mwachita bwino, chithunzi chioneke chimodzimodzi ndi choyamba. Chikasintha, penapake mwaphonya. Pulasitiki imalowera pa `Radius`. Ikachepa kwambiri, timizere ta khungu timatsalira m'leya yapansi, ndiye mukasalaza pamenepo mumatipha. Muikweze mpaka tiubweya titangosowa kumene, m'chithunzi chathu inali pa 6, ndipo muzisalaza kamalo kakang'ono, osadutsa m'mphepete mwa mthunzi. Mthunzi wa pansi pa tsaya ndi wa m'mbali mwa mphuno ndi umene umapatsa nkhope kunenepa kwake. Ine maganizo anga ndi akuti njira imeneyi tiziigwiritsa ntchito pomaliza, ndi pamalo ochepa, chifukwa ndi imene yawononga zithunzi zambiri pakati pathu.

Podziyesa ngati mwapitirira, kulitsani chithunzi pa 100% ndipo muyerekeze tsaya lomwe mwakonza ndi chipumi chomwe simunachikhudze. Tiubweya tikathera pamalire a pomwe munapaka, kapena tsaya likaoneka losalala kuposa bulangeti ndi dzanja la mayi zimene zili mtunda umodzi ndi kamera, mwapitirira. Kenako chepetsani chithunzi chikhale chaching'ono, muzimitse ndi kuyatsa maleya onse. Chosintha chikhale mawanga okha, osati maonekedwe a nkhope. Mukakayika, tsitsani `Opacity` ya gulu lonse la maleya kufika pa 70%, kuti khungu lenileni lionekere pansi.

Panali kukambirana kotentha pa zimene tiyenera kuchotsa ndi zimene tiyenera kusiya. Ambiri tinagwirizana kuti zimene zitha zokha m'masabata ochepa, monga zidzolo, tiziphuphu ndi zokanda za zikhadabo, tingathe kuchotsa. Koma chizindikiro chobadwa nacho, kuphatikizapo mawanga otuwa mobiriwira amene ana ambiri akhungu lakuda amakhala nawo kumsana ndi m'matako, tisachikhudze tisanafunse makolo. Mayi aja anatichenjezanso za `Lightness`: ana akhungu lakuda nthawi zambiri amabadwa oyererako ndi ofiirira, n'kumada m'masabata otsatira, ndiye n'zosavuta kuwayeretsa mosadziwa pofuna kuchotsa kufiira. Muziyerekeza ndi fayilo yoyamba nthawi zonse. Ndipo ngati mwana akuoneka wachikasu pakhungu ndi m'maso, musangokonza pakompyuta n'kukhala chete, auzeni makolo mwaulemu kuti akaonane ndi achipatala.

Pempho langa, Wapampando, ndi lakuti pa kukumana kwathu kotsatira aliyense abweretse fayilo imodzi ya RAW ya khanda, yosakonza, makolo ake atavomereza. Ndidzasonyeza kuyeza ndi leya yotuwa komanso kusuntha tizogwirira ta `Reds`, kenako aliyense adzayesa pa chithunzi chake.