Kwa Tadala, za aneni aja akukuzunguza mutu

Tadala mwana wanga,

Ndine azakhali ako. Mayi ako andiuza pa foni kuti homuweki ya Chichewa ya sabata ino ndi ya aneni oyambukira ndi osayambukira, ndipo akuti pa pamtherankhani wachindunji ndi wopanda chindunji mpamene wangoti kakasi. Nde ndalemba pano kuti uwerenge pang'onopang'ono, ukatopa usiye ukasewere, ubwererenso.

Mneni ukumudziwa kale eti, ndi mawu aja onena zomwe zikuchitika, monga kudya, kugwa, kugula, kuthamanga. Tsono aneni ena ntchito yawo imathera pa mwini wake yemweyo basi. Ndikati "Mwana wagwa" nkhani yatha, palibe amene angandifunse kuti wagwa chiyani, funso limenelo silimveka nkomwe. Chimodzimodzi "Alendo afika" kapena "Mphika wasweka". Amenewa ndi aneni osayambukira, chifukwa ntchito ija siyikuwolokera kwa munthu wina kapena chinthu china.

Koma tayesa kulowa m'nyumba nkuwauza mayi ako kuti "Galu waswa" kenako ukhale chete. Aima pomwepo nkukufunsa kuti waswa chiyani, chifukwa chiganizo chako chili ndi njala, chikufuna mawu ena. Ukati "Galu waswa mphika" apo ndiye chakhuta. Kuswa ndi mneni woyambukira, ntchito yachoka kwa galu yakafika pa mphika, ndipo mphikawo ndiye pamtherankhani wachindunji. Galu ndi mwininkhani. Waona kuti mphika womwewo, mu "Mphika wasweka" unali mwininkhani ndipo mneni sanafune kanthu kena, koma mu "Galu waswa mphika" wasanduka pamtherankhani. Ndiye usamaloweze kuti mawu akutiakuti ndi pamtherankhani nthawi zonse, ayi, zimatengera ntchito yomwe akugwira m'chiganizo chimenecho.

Njira yopezera pamtherankhani ndi kutchula mneni uja nkufunsa kuti chiyani kapena ndani. Waswa chiyani? Mphika. Aphunzitsi aitana ndani? Aitana Yamikani. Yankho likapezeka m'chiganizomo ndiye pamtherankhani wako ameneyo.

Pano mpamene ana ambiri amakodwa, ndiye tchera khutu. Amangoona kuti patsogolo pa mneni pali mawu ena, basi nkulemba mzere kunsi kwake. "Mwana wagwa pakhonde." Pakhonde si pamtherankhani iyayi, akuyankha funso loti kuti, osati chiyani. "Alendo afika dzulo", dzulo akuyankha liti. "Yamikani amathamanga kwambiri", kwambiri akuyankha bwanji. Mawu oyankha kuti, liti ndi bwanji amangowonjezera nkhani, mneni uja amakhalabe wosayambukira ngakhale utamuunjikira onse atatu, "Mwana wagwa pakhonde dzulo moopsa", kugwa kuja sikunayambukire aliyense.

Ine njira yomwe ndimaikonda kuposa ya mafunso ndi ina, ndipo pakamwa pako ukuidziwa kale ngakhale sunaiphunzire m'kalasi. Mchichewa chathuchi pamtherankhani amatha kulowa m'kati mwa mneni ngati kaphatikizo kakang'ono. Galu waswa mphika, galu wauswa. Ka u kaja ndi mphika. Ndaona chimanga, ndachiona. Ndaona nyumba, ndaiona. Ndaona Yamikani, ndamuona. Tsono yesa ndi kugwa, "ndamugwa", "ndachigwa", ukumva mmene zikukanira? Mneni akakana kaphatikizo koteroko dziwa kuti ndi wosayambukira. Akalola ndiye kuti amatha kuyambukira.

Ndanena kuti amatha chifukwa pali aneni ena oyenda mbali zonse ziwiri. "Tadala akuseka", apa palibe pamtherankhani, wangosangalala basi. "Tadala akuseka mnzake", apa kuseka kwayambukira mnzake uja (ndipo ndisamve kuti umachita zimenezo kusukulu). Pa mayeso uziyang'ana chiganizo chomwe chili papepalapo, osati chomwe chili m'mutu mwako.

Tsopano aneni aja otenga apamtherankhani awiri, amene ndikufuna tikhalitsepo. Mfumu yawo ndi kupatsa. "Agogo anapatsa Tadala nthochi." Ukati "Agogo anapatsa Tadala" nkusiyira pomwepo tikufunsa kuti anamupatsa chiyani, ukati "Agogo anapatsa nthochi" tikufunsa kuti anapatsa ndani, ndiye mneni ameneyu sakhuta ndi mmodzi, amafuna awiri. Chinthu chomwe chachoka m'manja mwa agogo, nthochi ija, ndiye pamtherankhani wachindunji. Amene chamufikira, iweyo, ndiye pamtherankhani wopanda chindunji.

Uonetsetse kayalidwe kake. Wolandira amabwera koyamba, pafupi penipeni ndi mneni, chinthu cholandiridwa chimabwera pambuyo. Mwana wothamanga amangoti dzina loyamba pambuyo pa mneni ndiye wachindunji, nkulakwa, chifukwa pa aneni awa loyambalo nthawi zambiri ndi wopanda chindunji. Pa Tadala ndi nthochi sizivuta poti nthochi singalandire munthu, koma taona ichi, "Abambo anapatsa mphaka mbewa." Wadya bwino ndi mphaka, eti? Mphaka ndi wopanda chindunji, mbewa ndi wachindunji. Tsono tembenuza, "Abambo anapatsa mbewa mphaka", hahaha apa ndiye kuti kambewa kaja kalandira mphaka wathunthu ngati mphatso, mawu ndi omwewo anayi koma malo asintha ndiye ntchito zasinthanso.

Kaphatikizo kathu kaja apa kamachita chodabwitsa. Pakakhala apamtherankhani awiri sikalowa m'malo mwa chinthu, kamalowa m'malo mwa wolandira. Agogo anamupatsa nthochi, mu ameneyo ndi Tadala. Abambo anamupatsa mbewa, mu ndi mphaka. Ukati "anaipatsa mphaka" ndiye kuti i uja ndi mbewa ndipo tabwereranso ku mbewa yolandira mphaka. Nde ukasokonezeka, ingolankhula chiganizocho chamumtima ndi kaphatikizo, amene kamuimira ndiye wopanda chindunji. Ungathenso kuyamba chiganizo ndi iyeyo, "Tadala anapatsidwa nthochi ndi agogo" zikumveka bwinobwino, koma "Nthochi inapatsidwa Tadala" khutu likukana. Amene walola kupita kutsogolo chonchi ndi wolandira uja.

Pali mneni wina wofanana ndi kupatsa koma khalidwe lake ndi lina, kupereka. Sitinena kuti "Agogo anapereka Tadala nthochi", timati "Agogo anapereka nthochi kwa Tadala." Apa chinthu chimayamba, wolandira amabwera pambuyo atatsogozedwa ndi kwa, ndipo kaphatikizo kamatenga chinthu, anaipereka kwa Tadala. Nkhani ndi imodzimodzi, nthochi yachoka kwa agogo yafika kwa iwe, koma kupereka kumagwira dzina limodzi lokha mwachindunji, linalo limafuna thandizo la kwa.

China, usamaganize kuti wopanda chindunji ndi munthu wamwayi nthawi zonse. "Mnyamata analanda Yamikani mpira." "Anzake anamana Yamikani chigumu." Yamikani sanalandire kanthu apa, waluza ndithu, koma yesa kaphatikizo, anamulanda mpira, anamumana chigumu, ndi yemweyo. Chinthu cholandidwa kapena chomanidwa ndi wachindunji, munthu amene zamugwera ndi wopanda chindunji. Kuphunzitsa, kuonetsa ndi kufunsa amayendanso chonchi, aphunzitsi anaphunzitsa ana nyimbo, anawaphunzitsa nyimbo.

Ndiye pali chinthu chomwe ine ndimati nchokoma kwambiri pa nkhani yonseyi, mneni wa pamtherankhani mmodzi tikhoza kumupanga kuti atenge awiri pongomutalikitsa kumapeto. Amayi aphika phala, mmodzi. Amayi aphikira mwana phala, awiri. Kugula kumakhala kugulira, kuchapa kuchapira, kutunga kutungira, koma kulemba kumakhala kulembera, kukonza kukonzera, kutola kutolera. Ukudziwa chifukwa chake kwina ndi ira kwina era? Mvetsera liwu la mu tsinde la mneni, likakhala e kapena o timaika era, likakhala a, i kapena u timaika ira. Ukaona mneni wotere m'chiganizo yamba kusaka munthu wochitiridwa. Koma uwerenge mayina bwino, chifukwa ira kapena era amangowonjezera mmodzi pa omwe analipo. Kugwa kunalibe aliyense, ndiye "Mtengo wagwera nyumba" kuli mmodzi yekha, nyumba, osati awiri.

Tiye tichite chimodzi limodzi monga mmene chingabwerere pa mayeso. "Dzulo amayi anagulira Yamikani nsapato kumsika." Yamba ndi mneni nthawi zonse, anagulira. Wogulayo ndani? Amayi, mwininkhani ameneyo, muike pambali. Kenako chotsa zoyankha liti ndi kuti, dzulo wapita, kumsika wapita. Atsala mayina awiri, Yamikani ndi nsapato. Chomwe chinagulidwa nchiyani? Nsapato, wachindunji, Yamikani sanagulidwe ayi. Anagulira ndani? Yamikani, wopanda chindunji. Tsono tsimikiza ndi kaphatikizo, amayi anamugulira nsapato, zamveka. "Amayi anazigulira Yamikani" zikumveka ngati nsapato ndi zomwe zaguliridwa munthu, zosatheka. Yamikani anagulidwa? Ayi. Yamikani anaguliridwa nsapato? Eya. Basi wamaliza, ndipo zonsezi sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe ukazolowera.

Tsopano tenga kope ndi pensulo uchite izi wekha, mayi ako asakuuzire. "Mvula yagwa usiku." "Mbuzi zadya chimanga kudimba." "Amalume anatumizira agogo shuga." "Atsikana akuvina pabwalo." "Wogulitsa anaonetsa abambo njinga yatsopano." Pa chilichonse ulembe ngati mneni ndi woyambukira kapena wosayambukira, ndipo ngati pali apamtherankhani awiri unene wachindunji ndi uti, wopanda chindunji ndi uti. Ziwiri mwa izi zili ndi msampha uja wa kuti ndi liti, china chili ndi pamtherankhani mmodzi komanso msampha womwewo, ndiye usathamange. Ukamaliza mayi ako ajambule tsambalo anditumizire ndichonge Loweruka.

Upereke moni kwa abambo ako ndi kwa agogo.

Ndine,
Azakhali ako