Foni imawerenga zikwangwani, koma kope la banki mkhonde ayi

A Mkonzi,

Ndine mlembi wa gulu la banki mkhonde kuno ku Santhe m'boma la Kasungu. Ndalemba pofuna kuchenjeza alembi anzanga amene ayamba kujambula makope a gulu pa foni kuti pulogalamu ya AI iziwakoperera zolembedwazo.

Pulogalamuyi sindikuinyoza. Nditaiyesa pa chipepala chodinda chomwe adamata pakhoma la chipatala, idawerenga Chichewa chonse bwinobwino. Pa chikwangwani cholemba ndi penti pa butchala, idangosiya kachizindikiro ka m'mawu oti "ng'ombe" n'kulemba "ngombe". Pamenepo munthu amazindikirabe, ngakhale kuti ng'oma yovinira ndi ngoma ya kutchire zimasiyana ndi kachizindikiro komweko.

Vuto lenileni ndidaliona pa kope lathu. Timalemba ndi bolopeni, titakhala pamphasa, kope lili pabondo. Mayi wina adatenga ngongole ya K17,000. Ine 1 ndimamulemba ndi kamutu kopendekera, ndiye makina adamuona ngati 7 n'kulemba K77,000. Ndidazigwira chifukwa ndidaphatikiza ndalama za tsamba lonse: m'kope zidali K184,000, pa foni K244,000. Kusiyana kwa K60,000 ndi kumene kudandilondolera pa mzere wolakwikawo.

Koma chimene chidandiopsa kwambiri si manambala. Pa dzina la bambo wina ndidalemba kuti "sanabweze". Chilembo cha s chidalowa pamene kope limapindikira, pamthunzi. Chotsala chidali "anabweze", mawu osamveka m'Chichewa. M'malo mondiuza kuti pano sipakuoneka, makina adakonza okha n'kulemba "anabweza". Mapulogalamu amtunduwu akalephera kuona chilembo amaika mawu amene akuoneka ngati oyenera pamalopo, ndipo zotulukazo zimakhala zaudongo moti sungazikayikire. M'chiyankhulo chathu, kukana ndi kuvomera kumasiyana ndi kachilembo kamodzi kapena tiwiri: alipira, salipira. Apa kuphatikiza sikuthandiza, chifukwa nambala ili bwinobwino. Ndikadapanda kukumbukira kuti bamboyo adapempha kuti timudikire agulitse soya, ngongole yake ikadafufutika, ndipo pogawana ndalama mu Disembala wakuba ndikadakhala ine.

Masiku ano ndikafuna kujambula, ndimatulutsa kope panja pamthunzi wowala, wina n'kuligwira kuti lithyathyathike pakati. Ndimajambula tsamba limodzi, foni itayang'ana molunjika pamwamba. Pa 7 ndimadula kamzere pakati. Kenako msungichuma amawerenga mokweza za m'kope, ine ndikutsatira pa foni, makamaka mayina, ndalama, ndi mawu onse onena za kubweza. Gulu tidagwirizana kuti ziwirizi zikasemphana, kope ndilo lolondola.

Pempho langa kwa mabungwe amene amaphunzitsa magulu athu ndi loti asanatilimbikitse kugwiritsa ntchito mapulogalamuwa, ayambe awayesa pa makope enieni a kumudzi, ong'ambika m'mbali ndi onyowapo ndi mvula, osati pa mapepala odinda a mu ofesi.

Mlembi wa banki mkhonde,
Santhe, Kasungu