Eni kampani akamaikongoza okha ndalama, malire a chiwongola dzanja ndi oyenera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa eni makampani, loti a msonkho akuwabera akamakana kuchotsera pa msonkho chiwongola dzanja chonse pa ngongole imene iwo eniwo anakongoza kampani yawo. Ine ndikuti lamuloli ndi loyenera, ngakhale lili ndi pena pake pamene limapweteka anthu osalakwa.

Mwini kampani akafuna kuikamo ndalama ali ndi njira ziwiri, kugula masheya kapena kuikongoza kampaniyo. Za masheya zimabwerera ngati dividendi, gawo la phindu logawira eni masheya, ndipo dividendi imatuluka msonkho utadulidwa kale. Koma chiwongola dzanja chimawerengedwa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, ndiye chimachotsedwa kaye pa phindu, msonkho nkumadulidwa pa zotsalazo. Munthu yemweyo, ndalama yomweyo, chasintha ndi pepala lomwe wasaina basi.

Tiyerekeze eni ake aika 100 miliyoni, kampani yapanga phindu la 16 miliyoni pa chaka, msonkho ndi 25 peresenti. Zikakhala zonse masheya boma lilandira 4 miliyoni. Koma akalemba kuti masheya ndi 10 miliyoni yokha, 90 miliyoni ndi ngongole ya 10 peresenti, chiwongola dzanja chikhala 9 miliyoni, phindu lodulapo msonkho litsala 7 miliyoni, msonkho ndi 1.75 miliyoni. Ndipo mwiniyo akakhala kampani ina ya kunja kudziko la msonkho wochepa ndiye basi, 9 miliyoni ija yawoloka malire itangodulidwa kamsonkho kochepa potuluka, nthawi zina osadulidwa nkomwe. Mundiuze, ndi banki iti ingapereke 90 kwa munthu amene waikapo 10 yekha popanda chikole?

Ndiye maiko ambiri anaika muyezo, ena amati ngongole ya kwa eni isapose masheya katatu, ku Canada muyezo wake ndi 1.5 pa 1 pa ngongole zochokera kwa eni akunja. Pa muyezo wa katatu uja, kampani yathuyi iloledwa ngongole ya 30 miliyoni, chiwongola dzanja chovomerezeka ndi 3 miliyoni, 6 miliyoni inayo ibwezedwa pa phindu, msonkho ufika 3.25 miliyoni. Dziwani kuti palibe amene waletsa kampani kulipira 9 miliyoni yonseyo kwa eni ake, alipire ndithu, chakanidwa ndi kuichotsera pa msonkho.

Komano muyezo umenewu uli ndi mpata ndipo ma akauntanti amaudziwa bwino. Umayang'ana kukula kwa ngongole osati chiwongola dzanja chake. Eni aja akasintha mapepala, masheya 25 ngongole 75, ndiye kuti ali mkati mwa lamulo, kenaka nkuika chiwongola dzanja pa 20 peresenti, ndi 15 miliyoni imeneyo, phindu latsala 1 miliyoni yokha, apa a msonkho ayenera kuyamba mkangano wina wautali wosonyeza kuti wokongoza wachilendo sakanatchaja choncho. Nchifukwa chake bungwe la OECD, logwirizanitsa maiko pa nkhani za chuma, mu 2015 linalangiza zoyeza chiwongola dzanja ndi phindu lenilenilo, pakati pa 10 ndi 30 peresenti ya phindu usanachotse chiwongola dzanja, msonkho ndi kutha kwa katundu. Germany inayamba kale zimenezi mu 2008, maiko a European Union anagwirizana za 30 peresenti mu 2016. Tikatenga 16 miliyoni ija ngati phindu lotere, malire ndi 4.8 miliyoni, kaya ngongole mwaitcha dzina lanji.

Pamene ndimawamvera chisoni odandaulawa ndi pa kampani imene ikuluza. Kumaiko kumene phindu losungidwa limawerengedwa pamodzi ndi masheya, kuluza kumadya mbali imeneyo, ndiye kampani imene inali bwinobwino pa 25 ndi 75 ikaluza 10 miliyoni yatsala ndi 15, ngongole yololedwa yatsika kufika 45 miliyoni chikhalirecho sanakongole tambala ina iliyonse. Ndipo nthawi imeneyo ndi imene mabanki amakana, otsala kuipulumutsa ndi eni ake omwewo, akaikongozanso zinthu zimangoipirako. Muyezo wa phindu nawo umachita chimodzimodzi, phindu likagwa malire agwa.

Pempho langa kwa opanga malamulo nlakuti chiwongola dzanja chokanidwa chaka chino chiziloledwa kuchotsedwa zaka zakutsogolo phindu likabwerera, komanso makampani ang'ono asakhudzidwe, monga ku European Union komwe dziko litha kulola chiwongola dzanja chofika 3 miliyoni ya mayuro osachiyeza. Eni makampani nawo aziwerengera muyezowu chaka chili mkati, ndipo akaona kuti adutsa asandutse gawo la ngongoleyo kukhala masheya msangamsanga, chifukwa maiko ena amayeza mwezi ndi mwezi, osati tsiku lotseka mabuku lokha.

Ine wanu,
Wowerenga wanu wa masiku onse