Ndimulembere bwanji wolemba anthu ntchito osaoneka wamwano?

Zikomo Alangizi,

Ndakhala ndikugwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka 3. Sabata yatha ndinaona chilengezo choti kampani ina ikufuna wowerengera ndalama wamkulu. Amene analengeza si mwini kampaniyo ayi, ndi mayi wina amene ntchito yake ndi kufufuzira makampani osiyanasiyana antchito. Dzina ndi imelo yawo zili pansi pa chilengezocho, ndipo kwatsala masiku 9 kuti atseke.

Chaka chatha ndinalakwitsa kwa munthu wina wa ntchito yomweyi. Ndinangolemba kuti, "Moni bwana, muli bwanji? Ndili ndi kankhani," n'kumadikira kuti ayankhe kaye moniwo. Mpaka lero kuli zii. Mnzanga ndiye anandiuza kuti anthu amenewa amakhala ndi mipata yambiri ya ntchito nthawi imodzi, ndiye uthenga wosatchula ntchito imene ukufuna sadziwa n'komwe pouika. Anatinso amene amawalipira ndi kampani, osati ife ofunsirafe, choncho chimene amayang'ana ndi chakuti kodi munthuyu akugwirizana ndi zimene kampani yapempha.

Ulendo uno pamutu pa imelo ndaikapo dzina la ntchitoyo ndi nambala yake monga zalembedwera pachilengezo. M'kati ndalemba chonchi:

"Moni mayi. Ndaona chilengezo chanu cha ntchito ya wowerengera ndalama wamkulu. Kwa zaka 3 ndakhala ndikukonza malipiro a antchito ndi kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi, zomwe zatchulidwa pachilengezocho. Ndaphatikiza chikalata cha mbiri yanga ya ntchito. Kodi mungandipatseko mphindi 10 sabata ino kuti tilankhulane pafoni? Zikomo kwambiri."

Ndikauwerenga ndikumva ngati ndalowa m'nyumba ya eni osagogoda. Munthu sitinaonanepo, ine n'kuyamba kumupempha nthawi yake pa chiganizo chachisanu! Koma ndikawonjezera zopepesa, monga "pepani kukuvutitsani" ndi "ngati n'kotheka," uthengawo ukutalika ndipo ndikuoneka ngati ndikupempha chithandizo, osati kufunsira ntchito. Kodi "moni" ndi "zikomo" ndi ulemu wokwanira?

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi: chilengezocho chikufuna zaka 5, ine ndili ndi 3. Ndikachitchula ndekha mu uthenga woyambawu, mwina asiyira pomwepo kuwerenga. Ndikangokhala chete, akatsegula chikalatacho awerenga okha zakazo, n'kuganiza kuti sindinawerenge bwino chilengezo. Maganizo anga ndi oti ndiikemo chiganizo chimodzi chonena kuti zakazo n'zochepa koma ntchito yotseka mabuku ndimaigwira ndekha popanda wondiyang'anira. Kodi kutero n'kudzigwetsa ndekha?

Ndipo akapanda kuyankha, ndidikire masiku angati ndisanawakumbutse, poti tsiku lotsekera likuyandikira?

Ine wanu,
Wowerengera ndalama wodandaula