Ndibwezereni madola 282 amene munandilipiritsa mopitirira pokiliya katundu wanga

Kwa akuluakulu a kampani imene inandikiliyira katundu ku kasitomu,

Ndikulemba pano poyera chifukwa ku ofesi kwanu ndinabwerako chimanjamanja. Masabata apitawa, chakumapeto kwa mwezi, ndinabwera ndi chikalata cha kasitomu kuti mundilongosolere mmene msonkho unawerengedwera. Bambo amene ndinawapeza pa kauntala anandiimika nthawi yaitali akuseka pa foni, ndipo atamaliza anakankhira pepala langa pambali osaliwerenga, n'kundiuza kuti kompyuta silakwitsa ndiponso kuti masamu a kasitomu si a munthu wamba. Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha phunzirolo, koma munthu wambayo anakatenga kakyuleta.

Invoyisi ya wogulitsa ikuonetsa madola 4,640, ndipo pambali pake palembedwa CIF, kusonyeza kuti mtengo wa katundu wa madola 4,000, ndalama yonyamulira ya madola 600 ndi inshuwalansi ya madola 40 zonse zili kale m'kati mwa chiwerengerocho. Msonkho wolowetsera katundu, umene pa chikalatacho ndi 25 peresenti, umayenera kukhala madola 1,160. Inu munatenga madola 600 a mayendedwe n'kuwaphatikizanso kachiwiri, mtengo wowerengera msonkho unafika madola 5,240, ndipo msonkho unakwera kufika madola 1,310. Pamenepo pokha ndinaluza madola 150.

Nkhani sinathere pomwepo, chifukwa VAT imawerengedwa pa mtengo wa katundu mutauphatikiza ndi msonkho uja. Pa 16 peresenti imene ili pa chikalatacho, ndimayenera kulipira madola 928, koma ndinalipira 1,048, kusiyana kwake madola 120. Chodabwitsa n'chakuti malipiro anu, amene ndi 2 peresenti ya mtengo wowerengera msonkho uja, nawonso ananenepa ndi madola 12, ndiye mwina n'chifukwa chake kompyuta yanu silakwitsa. Zonse pamodzi ndi madola 282.

Inu amene mukuwerenga, tandiuzeni, kodi munthu akafunsa za ndalama yake wapalamula? Mukalandira chikalata chanu, yang'anani ngati invoyisi yalembedwa FOB kapena CIF musanalipire, popeza ikakhala FOB, kusonyeza kuti ndalama yonyamulira sili m'kati mwa mtengowo, mayendedwe amawonjezedwa ndithu, koma ikakhala CIF kuwawonjezera n'kulipira kawiri.

Chimene ndikufuna n'chakuti mukakonzetse chikalatacho ku kasitomu, mundipemphere madola 270 a msonkho ndi VAT amene ndinalipira mopitirira, ndipo madola 12 amene ali m'thumba mwanu mundibwezere nokha, pamodzi ndi kalata yopepesa yochokera kwa bambo a pa kauntala aja. Mukapitiriza kukhala chete, invoyisi, chikalata ndi malisiti anu ndikazitula ku bungwe lotolera misonkho limene linakupatsani chiphaso chogwirira ntchitoyi, ndipo masamu amenewa mukawafotokoza kumeneko.