Kalata kwa Akhristu onse a mumpingo wathu, makamaka amayi a Mvano

Okondedwa mwa Ambuye,

Ndikupatsani moni nonse, a m'mudzi muno ndi inu a m'milaga ya m'mbali mwa minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndalemba kalatayi chifukwa mwezi uno wokha amayi atatu andipeza, aliyense payekha, ndi nkhani yofanana: "Abusa, amuna a mnzathu uja zochita zawo sizikutisangalatsa." Aliyense ndinamufunsa ngati analankhulapo ndi mnzakeyo. Onse atatu anagwetsa nkhope. Koma nkhaniyo inali itafika kale kuchigayo, kumjigo, ndi m'minibasi ya ku Bvumbwe. Mwini wake yekha ndiye sanauzidwe.

Umenewu ndi miseche, ndipo sindiupatsa dzina lina. Choipitsitsa n'chakuti tauveka yunifomu ya Mvano. Timati, "Amayi, timupempherere mnzathu, kunyumba kwake sikuli bwino," kenaka n'kufotokoza zonse mpaka za kuchipinda, pemphero lake la mphindi imodzi. "Kazitape woyendayenda amawanditsa zinsinsi, koma wokhulupirika mtima abisa mawu" (Miyambo 11:13). Mumati mukuopa kuwononga chinzake mukamuuza. Chinzakecho chimatha tsiku limene iye amva kwa munthu wachisanu zimene inu, wodya naye mbale imodzi, munalephera kumuuza pamaso.

Ndikuuzeni za amayi awiri a kumpingo wina kumene ndinatumikirako kale, kuti wina asayambe kuloza chala pabenchi. Ankagulitsa nthochi limodzi pamsika, analinso m'gulu limodzi la banki m'khonde. Wamkuluyo anayamba kuona zinthu. Foni ya mnzake inkayankhidwa ndi bambo. Tsiku logawana ndalama za banki, bamboyo ankadikira panjinga kunja kwa mpanda, ndalama zonse n'kulowa m'thumba mwake. Ku Mvano mayiyo anayamba kuthawa nyimbo yotsekera isanathe, maso ali padzuwa. Mwezi wa Okutobala, kukutentha chotero, anabwera atavala juzi ya manja aatali.

Ulendo woyamba wamkuluyo analakwitsa. Anayankhula pamsika, anthu ali pomwepo: "Asisi, mwamuna wanu uja ndi chilombo. Mumupitikitse, pakhomopo ndi panu." Zoti pakhomo ndi pa mkazi zinali zoona, paja kuno n'kuchikamwini. Koma mnzakeyo anangoti, "Simuwadziwa bambo a ana anga," n'kusenza dengu lake. Miyezi iwiri sanapatsane moni. Mukanyoza mwamuna wa munthu, mwanyozanso nzeru zake pomusankha, mwanyoza atate a ana ake, ndiye amamuikira kumbuyo ngakhale thupi likuwawa. Mukamulamula chochita, mwangokhala munthu wachiwiri womulamula, pamene woyambayo ali naye kale kunyumba.

Ulendo wachiwiri anapita kukamuthandiza kupalira chimanga. Ali awiriwiri, ana ali kusukulu, anayamba ndi kupepesa za pamsika paja. Kenaka anati, "Asisi, pali chimene chikundisowetsa tulo. Tsiku logawana lija ndinaona bambo akulandira ndalama zanu zonse panjira, inu munapita osanditsanzika. Sabata yatha ndinaona chotupa padzanja lanu. Mwina ndikuona molakwa. Muli bwino koma kunyumba?" Atatero anatseka pakamwa, khasu n'kumapitirira.

Taonani mmene anayankhulira. Ananena zimene maso ake anaona, ndi tsiku lake, osati za "anthu akuti". Mukati "anthu akuti", mwamuuza kuti mudzi wonse ukumuseka, ndipo manyazi amenewo amatseka pakamwa kuposa mantha. Mwamunayo sanamutchule dzina loipa. Anafunsa funso limodzi, n'kudikira. "Munthu aliyense akhale wotchera khutu, wodekha polankhula" (Yakobo 1:19).

Ndipo mnzakeyo anakana. Anati anagwa kumjigo. Apa m'pamene ambiri mumapsera mtima, mumvekere, "Ndayesetsa, aziona yekha." Wamkuluyo anangoti, "Chabwino asisi. Khomo langa mukulidziwa, ngakhale usiku gogodani. Zimene takambazi zathera m'munda muno." Mawa lake anamusungira malo pamsika monga kale, nakamba za mtengo wa nthochi, osabwerezanso nkhaniyo. Panapita masabata angapo mayiyo asanagogode. Koma anagogoda, ndipo anagogoda pakhomo limenelo chifukwa ndi lokhalo limene silinamuweruze.

Pali zinthu zimene changu chimatichititsa, zooneka ngati chithandizo, koma zomuika mnzanuyo pamoto. Musalembe uthenga pafoni za nkhaniyi. Ngati bambo amagwira foniyo, awerenga, ndipo yankho lake lidzagwera mkazi usiku womwewo. Musapite kukamukalipira mwamunayo nokha. Inu mudzabwerera kwanu mtima uli m'malo, iye adzatsala naye chitseko chotseka. Ngakhale kwa ankhoswe, musathamangireko iye asanavomere. Ankhoswe ndi a banjalo, ali ndi malo awo olemekezeka, koma mwini nkhani ndiye amawaitana. Inu mufunseni, "Kodi ndikuperekezeni kwa amalume anu?" Akati ayi, ndi ayi wa lero.

Mawu akuti "banja n'kupirira" ndawamva m'maukwati ambiri, ena ndinadalitsa ndine. Kupirira umphawi, matenda, chaka cha njala, inde. Koma mawuwa musawanene kwa mayi amene wakuonetsani chilonda. "Amuna inu, kondani akazi anu, monganso Khristu anakonda Eklesia" (Aefeso 5:25). Abambo, ndimeyi ndi yanu, ndipo kalatayi ikuwerengedwa inu muli pomwepo.

Chinsinsi chili ndi malire ake. Mnzanu akakuuzani kuti wamukanyanga pakhosi, wamuopseza ndi chikwanje, wanena kuti amupha, kapena kuti ana akumenyedwa ndi kugwiriridwa, nthawi yodikira yatha. Muuzeni poyera kuti, "Asisi, izi sindingazisunge ndekha, tiyeni limodzi." Ngati wavulala yambani kuchipatala, kenaka kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene timati ku Vikitimu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kulamula munthu wankhanza kuti asiye kuvutitsa mnzake. Mwina mnzanuyo akukwiyirani pa zimenezi. Akwiye ali moyo. "Kulasa kwa bwenzi kuli kokhulupirika" (Miyambo 27:6).

Tsono ndikulamula izi. Kuyambira Lachinayi lino, pa Mvano pasatchulidwe dzina la banja la munthu pa nthawi ya mapemphero pokhapokha mwini wake atapempha yekha. Amayi apampando, muonetsetse zimenezi. Amayi atatu munandipeza aja, ndikudikira kuti mubwerenso, mutakamuona kaye mnzanuyo. Amene akuopa kufika kwa ine chifukwa ndine mwamuna, amayi busa amapezeka pakhomo Lachiwiri masana.

Komanso za malata a chipinda chochitiramo uphungu: mpaka pano tikukambira nkhani zoterezi pansi pa mtengo wa mango, aliyense wodutsa akutiona. Banja lililonse lipereke K2,000 kwa mkulu wa mumlaga wake mwezi usanathe, ndipo achinyamata abwere ndi makasu ndi ndowa Loweruka m'mawa, pali dothi lofunika kuponda. Mvula yayandikira.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.